Ndalama Zikabwerera: Malipiro Olephereka ndi Amene Amasenza Chindapusa

Malipiro olephereka ndi ndalama zimene munthu walamula banki kapena kampani ya foni kuti ipereke kwa mnzake, koma sizinafike kwa woyenera kulandirayo. Zina zimakanidwa zisananyamuke n'komwe. Zina zimachoka mu akaunti ya wotumiza n'kukakamira panjira. Zinanso zimafika ku banki ya wolandira, bankiyo n'kuzikana, ndipo zimabwerera kumene zinachokera. Gulu lachitatuli ndi limene kwenikweni limatchedwa malipiro obwerera, ngakhale dzinali limagwiritsidwanso ntchito pa malipiro okanidwa asananyamuke. Pa mitundu yonse itatuyi mfundo yoyamba ndi imodzi: ngongole imene malipirowo amafuna kutseka imakhala ikadalipo. Wogula usipa pa doko la Chintheche amene foni yake yasonyeza kuti ndalama zachoka, pomwe foni ya msodzi ilibe kanthu, sanalipire nsombazo.

Kale ndalama zinkachoka m'dzanja kulowa m'dzanja, ndipo panalibe mpata woti zisochere pakati. Airtel Money inayamba m'Malawi mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo mu 2015 makina a National Switch anayamba kulumikiza mabanki, kenako analumikizanso mabankiwo ndi makampani a foni. Lero wamalonda wa ku Kande kapena ku Tukombo amalandira ndalama za kasitomala wa ku Lilongwe ali chikhalire pa thandala lake. Koma ndalama zoterozo zimadutsa m'manja angapo: kampani ya wotumiza, makina olumikiza amene ali pakati, ndi banki kapena kampani ya wolandira. Zili ngati thumba la usipa lotumizidwa ku Mzuzu kudzera mu msewu wa M5, limene limachoka kwa mwini wake, kukwera lole, kutsikira pa depoti, n'kudikira wolitenga. Likasowa, funso loyamba limakhala lakuti linali m'manja mwa yani panthawi imene linasowa. Funso lomwelo ndi limene limasonyeza woyenera kusenza chindapusa cha malipiro olephereka. Chindapusa chimatsata amene wachititsa vutolo.

Polankhula, anthu amaphatikiza ndalama zosiyana pansi pa dzina limodzi loti machaji, ndipo mikangano yambiri imayambira pamenepa. Pali ndalama zenizeni zimene zimatumizidwa. Pali ndalama yotumizira, imene kampani imadula chifukwa cha ntchito yake. Pali chindapusa chimene banki imadula ikakana malipiro chifukwa mu akaunti mulibe zokwanira. Palinso chilango cha kuchedwa, chimene sichichokera ku banki ayi, koma kwa mwini ngongole, malinga ndi mgwirizano umene anthu awiriwo anasainirana. Iliyonse mwa ndalama zimenezi ili ndi mwini wake ndi lamulo lake, ndipo n'zotheka kuti ina ibwezedwe pamene ina ikhalabe pamutu pa wolipira.

[Kanyimbo]

Malamulo a malipiro obwerera anakhwimira pa cheke, ndipo ngakhale macheke akutha mphamvu, mfundo zake ndi zimene zikutsatidwabe pa njira zatsopano. Dziko la South Africa linasiyiratu macheke pa 31 Disembala 2020. M'Malawi cheke chakhala chikuyendera lamulo lotchedwa Bills of Exchange Act, limene linatengera lamulo la ku Britain la 1882.

Cheke ndi kalata yolamula banki kuti ilipire. Wolandira cheke amakhala walandira lonjezo, ndipo ngongole imatsekeka pokhapokha banki ikalipiradi. Banki ikakana, imalemba chifukwa chake pa chekecho. Mawu odziwika kwambiri ndi `Refer to drawer`, kutanthauza kuti wolandirayo akafunse kwa amene analemba cheke, ndipo kawirikawiri ndi njira yaulemu yonenera kuti mu akaunti mulibe ndalama zokwanira. Cheke chimakanidwanso ngati siginecha yasiyana ndi imene banki inasunga, ngati ndalama zolembedwa m'mawu zasiyana ndi za m'manambala, ngati tsiku lolembedwapo silinafike, kapena ngati chapitirira miyezi 6 osaperekedwa ku banki. Anthu amati cheke chabaunsa.

Zikatero, banki ya wolemba cheke imadula chindapusa mu akaunti ya wolembayo, chifukwa ndiye analamula chinthu chimene akaunti yake sikanakwanitsa. Mabanki ena amadulanso kangachepe kwa amene anasungitsa chekecho, chifukwa nawo agwira ntchito yopanda phindu. Apa wolandira amaoneka ngati walangidwa wosalakwa, ndipo n'zoona kuti sanalakwe. Chimene chimamuteteza n'chakuti ali ndi ufulu wofuna kwa wolemba cheke ndalama zonse za pachekepo pamodzi ndi chiwongola dzanja cha masiku ochedwa, ndipo akhoza kumuuzanso kuti abweze zimene banki yamudula. Amayenera kumudziwitsa msanga kuti cheke chakanidwa, osasunga nkhani mumtima kwa milungu. Wolemba cheke akudziwa bwino kuti mu akaunti mulibe kanthu, n'cholinga chotenga katundu wa mnzake, akhoza kuimbidwa mlandu wopeza katundu mwachinyengo.

Mfundoyi ilinso ndi mbali yake ina. Banki ikakana kulipira pamene ndalama zinalimo zokwanira ndipo zonse zinalembedwa bwino, yolakwa ndi banki. Imayenera kubweza chindapusa chimene yadula, ndipo kasitomala akhoza kufuna chipukuta misozi, makamaka ngati ndi wamalonda, popeza mbiri yoti malipiro ake amabwerera imamuthawitsira anthu omukongoza katundu.

[Kanyimbo]

M'mbali mwa nyanja masiku ano, malipiro obwerera amene amapweteka anthu ambiri ndi a ngongole zodulidwa mwezi ndi mwezi. Munthu amasaina fomu yolamula banki yake kuti pa tsiku lakutilakuti izichotsa ndalama zakutizakuti n'kutumiza kwa wobwereketsa. Pa fomupo pamalembedwa `Standing order`. Njira ina ndi `Direct debit`, pamene wobwereketsa ndiye amapatsidwa chilolezo choti azipempha yekha ndalamazo ku akaunti ya wokongola. Pa njira zonse ziwiri makina ndi amene amayang'ana mu akaunti tsikulo likafika, ndipo makina sadziwa kuti mwera wakhala ukuwomba sabata yonse, mabwato osalowa m'madzi, kapena kuti mwezi unali wowala ndipo usipa sunaphedwe. Amangoyerekeza manambala awiri: zimene zilimo ndi zimene zikufunika.

Chitsanzo chongoyerekeza chingasonyeze mmene ndalama zimayendera. Manambala a machaji m'chitsanzochi ndi ongofanizira, chifukwa banki iliyonse ili ndi mndandanda wake wa mitengo, ndipo mitengoyo imasintha.

Mayi wina amagula usipa pa doko la Chintheche, kuuyanika, n'kukagulitsa ku Mzuzu. Anatenga ngongole ya mpamba ku bungwe lobwereketsa ndalama, ndipo amabweza K150,000 pa 28 mwezi uliwonse kudzera ku banki. Pa 27 mu akaunti mwake munali K2,000. Anapita kwa ejenti n'kuikamo K150,000 ndendende, zonse pamodzi n'kukhala K152,000. Anabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Usiku womwewo banki inadula K3,500, ndalama ya pamwezi yosungira akaunti, ndipo munatsala K148,500. M'mawa wa pa 28 makina anafuna K150,000, anapeza kuti zaperewera ndi K1,500, n'kukana malipiro onse. Nthawi zambiri makina sapereka gawo chabe. Pa sitetimenti panalembedwa `Insufficient funds`.

Kuchokera apa ndalama zinayamba kutuluka mbali ziwiri. Banki inadula K10,000 ya chindapusa cha malipiro okanidwa, ndipo mu akaunti munatsala K138,500. Bungwe lobwereketsa, poona kuti tsiku ladutsa, linaika chilango cha kuchedwa cha K5 pa K100 iliyonse, chimene pa K150,000 ndi K7,500. Tsopano mayiyu akufunika kupereka K157,500, pamene ali ndi K138,500. Kuperewera kwa K1,500 kwasanduka K19,000. Ngati bungwelo lingapemphenso ndalamazo patapita masiku angapo iye asanaonjezeremo, banki ikhoza kudulanso K10,000 ina, ndipo kuperewerako kufika K29,000.

Pa nkhani iyi zindapusa zonse ziwiri zili pamutu pa mayiyu. Banki inachita zimene analamula, ndipo ndalama ya pamwezi ija inali pa mndandanda umene anavomera potsegula akaunti. Bungwe lobwereketsa nalo silinalandire kanthu pa tsiku la pangano. Kunena zoona, chilango cha K17,500 pa kuperewera kwa K1,500 n'cholemera, ndipo chimagwera kwambiri anthu amene amaika ndalama zokwanira ndendende chifukwa alibe zoonjezera. Wamalonda wamkulu amene mu akaunti mwake mumagona mamiliyoni sakumana nacho. N'chifukwa chake wokongola amayenera kufunsa zinthu ziwiri asanasaine: tsiku limene banki imadula ndalama zake za pamwezi, ndi ngati kutumiza kwa mwezi ndi mweziko kuli ndi mtengo wakewake. Ndalama zoika mu akaunti zimawerengedwa pamwamba pa zonsezo. Akaona kuti mwezi uno sizikwana, njira yotsika mtengo ndi kupita kwa wobwereketsa tsiku lisanafike n'kupempha kuti asunthe tsikulo kapena kuti alandire zimene zilipo, kenako kudziwitsa banki molemba. Banki singadule chindapusa pa lamulo limene laimitsidwa nthawi yake isanakwane, ngakhale kuimitsako kukhoza kukhala ndi kamtengo kake.

Pali mtengo wina umene suoneka pa sitetimenti. Kuyambira pamene lamulo la Credit Reference Bureau Act linakhazikitsidwa mu 2010, m'dziko muno muli mabungwe osunga mbiri ya mmene anthu amabwezera ngongole, ndipo mabanki amayang'ana mbiriyo asanabwereketse. Malipiro obwerera kawirikawiri amadetsa mbiri imeneyi, ndipo munthu amadzadabwa akukanizidwa ngongole ya injini ya boti patapita zaka.

[Kanyimbo]

Nkhani ya mayi uja imasintha ngati chifukwa cha kuperewerako chili kwina. Tiyerekeze kuti sanapite kwa ejenti, koma amadikira K200,000 kuchokera kwa kasitomala wake wa ku Mzuzu, amene anatumiza madzulo a pa 27 kuchokera pa foni kupita ku akaunti ya ku banki. Pa foni ya kasitomalayo ndalama zinachoka. Ku akaunti ya mayiyu sizinafike mpaka pa 30. Malipiro a ngongole anakanidwa pa 28, ndipo zindapusa zomwe zija zinadulidwa.

Zotere zimachitika chifukwa kutumiza kumayenda ndi mauthenga awiri. Kampani ya wotumiza imachotsa ndalama n'kutumiza uthenga ku banki ya wolandira, ndipo bankiyo imayenera kuyankha kuti yalandira. Netiweki ikaduka pakati, kapena makina a mbali imodzi akazima, yankho silibwera. Ndalama zimakhala m'malere, ndipo pa foni pakhoza kuoneka mawu oti `Pending`. Sizinatayike. Zili mu akaunti yapadera ya kampani, kudikira nthawi imene mbali ziwirizo zidzafananitse mabuku awo. Akafananitsa, ndalamazo zimapitirira kwa wolandira, kapena zimabwezedwa kwa wotumiza ndi uthenga wokhala ndi mawu oti `Reversal`. Nthawi zina izi zimatenga mphindi zochepa, nthawi zina masiku angapo a ntchito, makamaka zikagwera Lachisanu madzulo kapena pa holide.

Pofuna kudziwa woyenera kusenza chindapusa, nkhaniyi imagawidwa malinga ndi mapangano amene alipo, chifukwa munthu aliyense amayankha kwa amene anapangana naye. Pakati pa mayiyu ndi bungwe lobwereketsa, iye wachedwabe, ndipo bungwelo lili ndi ufulu wofuna chilango chake. Likhoza kuchichotsa mwa chifundo likaona umboni, ndipo kupempha sikulakwa, koma silikakamizidwa. Pakati pa mayiyu ndi banki yake, zimatengera pamene ndalamazo zinakakamira. Ngati zinafika ku banki pa 27 ndipo bankiyo ndiyo inachedwa kuzilowetsa mu akaunti, chindapusa cha K10,000 chiyenera kubwezedwa, ndipo mayiyu ali ndi chifukwa chomveka chofunira kuti bankiyo iganizirenso za K7,500 imene walipitsidwa kwina. Ngati zinakakamira ku kampani ya wotumiza, banki ya mayiyu sinalakwe. Apa wokadandaula ndi kasitomala wa ku Mzuzu uja, chifukwa ndiye mwini pangano ndi kampaniyo. Mayiyu akaimba yekha, kampani ikhoza kukana kumuuza chilichonse, popeza akauntiyo si yake.

Ndalama zikabwezedwa chifukwa cha vuto la makina, zimayenera kubwerera zonse, ndipo wotumiza ali ndi chifukwa chofunira ndalama yotumizira ija, popeza ntchito imene analipira siinagwiridwe. Ambiri amangoona kuti ndalama zikuluzikulu zabwera n'kuiwala zing'onozing'onozo. Pamafunika kuyerekeza balansi ya poyamba ndi ya pambuyo.

Cholakwika chofala pa malipiro okakamira ndi kutumizanso kachiwiri. Wogula ali pa doko, msodzi akumuyang'ana, nsomba zikuuma m'bwato, ndipo pofuna kuthetsa manyazi amatumiza kenanso. Madzulo malipiro oyamba aja amadutsa, ndipo msodzi walandira kawiri. Kampani siinalakwe pa kutumiza kwachiwiriko, choncho ndalama yotumizira siibwera, ndipo kubweza zoonjezerazo kumadalira msodziyo. Njira yabwino ndi yoti onse awiri ayang'ane balansi yeniyeni, wotumiza pa akaunti yake, wolandira pa yake, poimba nambala ya kampani monga `*211#` ya Airtel Money, `*444#` ya Mpamba, kapena `*626#` ya Mo626 ya National Bank of Malawi. Ngati ndalama sizinachoke, malipirowo akanidwa ndipo akhoza kuyesedwanso. Ngati zachoka koma sizinafike, pamafunika kuimbira kampani ndi kudikira, uku awiriwo atagwirizana za katunduyo pamaso pa mboni.

Zomwezi zimachitika pa makina otapira ndalama, pamene akaunti yadulidwa koma ndalama sizinatuluke. Makinawo amalemba okha zonse zimene achita, ndipo akawerenga ndalama zotsala m'bokosi zoonjezerazo zimaoneka. Wodandaula amapita ku banki yake, imene inamupatsa khadi, ngakhale makinawo akhale a banki ina.

[Kanyimbo]

Ndalama zotumizidwa ku nambala yolakwika anthu amaziika m'gulu la malipiro olephereka, koma kwa kampani malipiro amenewo ayenda bwinobwino. Makina anapatsidwa nambala, anasonyeza dzina la mwini wake, wotumiza anavomereza ndi nambala yake yachinsinsi, ndipo ndalama zinafika kumene zinalozedwa. Ndalama yotumizira siibwezedwa, ndipo ngongole kwa woyenera kulandira uja ikadalipo. Chiyambireni kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017 ndi kalembera wa manambala a foni amene anatsatira, nambala iliyonse ili ndi dzina, ndipo dzinalo limaoneka pa foni munthu asanavomereze. Kuwerenga dzinali mokweza pamaso pa wolandira kumatseka zolakwika zambiri. Vuto limabwera pamene nambala inalembetsedwa m'dzina la wachibale, zimene n'zofala m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Zikatero wolandira ayenera kutchula yekha dzina limene lioneke, wotumiza asanalione.

Wolandira ndalama molakwika alibe ufulu wozidya. Malamulo amalola mwini wake kuzifuna, ngakhale kudzera kukhoti. Koma liwiro ndi limene limapulumutsa ndalamazo. Kampani ikadziwitsidwa msanga, ikhoza kuzigwira zisanatapidwe n'kufunsa mbali inayo. Zikatapidwa kwa ejenti, kampani ilibenso chogwira, ndipo nkhani imasanduka ya anthu awiri ndi apolisi. Ngati ejenti ndiye walemba molakwika nambala imene kasitomala anamupatsa bwino, kulakwa ndi kwa ejenti, ndipo umboni wake ndi buku limene kasitomala amasaina kapena pepala limene analembapo nambalayo.

Akamberembere amadyera pomwepa. Amatumiza uthenga wofanana ndi wa kampani wonena kuti ndalama zalowa, kenako amaimba modandaula kuti atumiza molakwika ndalama za kuchipatala, awabwezere. Wobweza asanayang'ane balansi amatumiza ndalama zakezake. Uthenga weniweni umachokera ku dzina la kampani, osati ku nambala ya munthu, ndipo ngakhale ndalamazo zitalowadi, njira yotetezeka ndi kuuza woimbayo kuti apemphe kampani ibweze yokha.

Mayunitsi a magetsi ali ndi malire akeake. Tokeni ya ESCOM ili ndi manambala 20, ndipo imapangidwira mita imodzi yokha. Wolemba molakwika nambala ya mita amakhala wagulira nyumba ina magetsi, ndipo tokeniyo siingalowe mu mita yake. Koma ngati ndalama zachoka, nambala ya mita ili yolondola, tokeni yokha ndiyo siinabwere, kawirikawiri imakhala yapangidwa kale ndipo uthenga ndi umene wasochera. Pamafunika kuipempha kuti itumizidwenso, osati kugula ina.

[Kanyimbo]

Atonga a ku Nkhata Bay akhala akupita kukagwira ntchito ku Joni ndi ku Zimbabwe kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo mabanja ambiri a ku Chintheche ndi ku Bandawe amalandira ndalama kuchokera kunja kudzera ku makampani monga Mukuru kapena ku mabanki. Malipiro odutsa malire amakanidwa kawirikawiri chifukwa cha dzina. Wotumiza amalemba dzina limene amaitanira mayi ake kunyumba, pamene pa chiphaso palembedwa lina, kapena chilembo chimodzi chasiyana. Wopereka ndalama saloledwa kulipira munthu amene dzina lake silikugwirizana ndi chiphaso. Kukonza dzinalo ndi udindo wa wotumiza, ndipo kumachitikira kumene ndalama zinachokera. Ndalama zikabwezedwa chifukwa cha cholakwika chotere, yotumizira nthawi zambiri siibwera.

Pa ndalama zodutsa m'mabanki kupita kunja, monga polipira injini kapena maukonde, kutayako kumakula. Mabanki a pakati amene ndalamazo zadutsamo amadula gawo lawo popita, ndipo akhoza kudulanso pobwerera. Kuonjezera apo banki imagulitsa ndalama zakunja pa mtengo wokwera n'kuzigula pa mtengo wotsika, choncho zobwererazo zikasinthidwanso kukhala makwacha zimachepa ngakhale msika usanasinthe. Msika ukasintha pakati, monga zinachitikira mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, kusiyanako kumakhala kwakukulu, ndipo kukhoza kukomera kapena kupweteka wotumiza malinga ndi mbali imene ndalamazo zimalowera. Ngati nambala ya akaunti yolakwikayo inaperekedwa ndi wolandira, wotumiza ali ndi chifukwa chomuuza kuti asenze zotayikazo, ndipo n'kofunika kuti manambala otere aziperekedwa molemba.

[Kanyimbo]

Dandaulo la malipiro olephereka limayenda ndi umboni. Uthenga uliwonse wa malipiro uli ndi nambala yakeyake, imene pa foni imalembedwa `Transaction ID` kapena `Ref`. Nambala imeneyi ndi imene ogwira ntchito ku kampani amafufuzira, ndipo popanda iyo amangofunsa mafunso ambirimbiri. Pamodzi nayo pamafunika tsiku, nthawi, kuchuluka kwa ndalama, nambala ya wolandira, ndi lisiti la ejenti ngati lilipo. Uthengawo sufufutidwa mpaka nkhani itatha, ndipo kwa amene foni yake imadzaza msanga ndi bwino kukopera nambalayo m'kope. Nambala yachinsinsi yokha siiperekedwa kwa wina aliyense, ngakhale woimba atadzitcha wa ku kampani.

Khomo loyamba ndi banki kapena kampani imene munthu ali nayo akaunti. Wodandaula amapempha nambala ya dandaulo lake ndi tsiku limene angayembekezere yankho. Ngati nkhani ndi ya chindapusa, amapempha sitetimenti ya masiku okhudzidwawo ndi mndandanda wa mitengo ya banki, n'kuona zinthu zitatu: ndalama zimene zinalimo pa nthawi imene malipiro anakanidwa, chifukwa chimene chalembedwa, ndi ngati chindapusacho chikufanana ndi cha pa mndandanda. Nthawi imene ndalama zinalowa ndi yofunika kwambiri kuposa tsiku lokha, chifukwa ndalama zolowa masana sizipulumutsa malipiro amene makina anakana m'mawa. Popeza ulendo wa ku Nkhata Bay boma kapena ku Mzuzu uli ndi mtengo wa thiransipoti umene ukhoza kuposa chindapusa chenichenicho, kuyamba ndi foni n'kwanzeru, kalata n'kutsatira ngati yankho lachedwa.

Yankho likapanda kubwera kapena likakhala losakhutiritsa, nkhani imapita ku Reserve Bank of Malawi, imene ili ndi likulu ku Lilongwe ndi nthambi ku Blantyre ndi ku Mzuzu. Pansi pa lamulo la Financial Services Act la 2010, Gavanala wa bankiyi ndiye woyang'anira mabanki ndi mabungwe obwereketsa ndalama, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala. Lamulo la Payment Systems Act la 2016 linaikanso njira zotumizira ndalama, kuphatikizapo za pa foni, pansi pa bankiyi. Ofesiyo imafuna kuona kuti wodandaula anayamba wapita ku kampani yake, choncho nambala ya dandaulo ija imagwiranso ntchito pamenepa. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission nalo limamva madandaulo a ogula pa mitengo yobisika.

Mkangano wa pakati pa wogula ndi wogulitsa eni ake sumathera ku mabungwe amenewa, chifukwa iwo amayang'anira makampani okha. Ngongole ya usipa imene malipiro ake anabwerera imafunidwa ngati ngongole ina iliyonse: pokambirana, pamaso pa komiti ya pa doko kapena a mfumu, ndipo zikavuta ku khoti la majisitireti. Kumeneko wogulitsa amasonyeza kuti katundu anaperekedwa ndipo ndalama sizinalowe mu akaunti yake, pamene wogula amene akuti analipira amayenera kusonyeza nambala ya malipiro ndi sitetimenti yotsimikizira kuti ndalamazo sizinabwerere kwa iye.